Lole ya mapadi kusukulu kwathu

Ndili Fomu 2, kampani ina yopanga mapadi ndi sopo inabwera kusukulu kwathu ndi lole ya zimkuzamawu ndi ovina, kudzatsatsa mapadi. Amene ankayendetsa zotsatsazo anali azakhali anga. Tikubwerera kwathu ku Ching'ambo, ndinawafunsa motsitsa mawu chifukwa chake sopo samuvinira choncho.

"Sopo?" anaseka. "Tikangokweza mtengo pang'ono, anthu amathawira kwa ena, ndiye phindu pa mtanda n'lochepa. Tingatayirenji ndalama pamenepo? Koma mapadi, mwana wanga, opikisana nafe ndi ochepa chomene, ndipo mtsikana akawazolowera amaopa kusintha. Tikakweza, ambiri amagulabe. Phindu pa paketi n'lalikulu, ndiye aliyense amene tamukopa lero adzatibwezera za lole ija."

Ankayankhula akukukuta chimanga chootcha. Ine ndinazindikira kuti mantha amene ankawawerengera ngati phinduwo anali anga, oopa kudetsa siketi pamaso pa anyamata.

Mtengo unakweradi. Ambiri anagulabe, koma amayi anga analephera. Sabata ya mayeso a masamu ndinakhala kunyumba, ndipo aphunzitsi ndinawauza kuti anali malungo.