Nkhunda za a Fabiano ndi Ndime Yachisanu

A Fabiano Likoswe anagwira ukalaliki zaka makumi awiri pa kampani ina ya fodya ku Limbe, koma palibe amene amawakumbukira chifukwa cha fodya. Amakumbukiridwa chifukwa cha nkhunda. Kuseri kwa nyumba yawo, m'malayini a antchito, anamanga khola pamwamba pa mitengo inayi, ndipo akaweruka ankayamba kupereka moni kumeneko asanapereke kwa akazi awo.

Tsoka lake, nyumba yoyandikana nayo inali ya a Abdala, kapitawo wamkulu, munthu wa mkanjo woyera mbee. Akauyanika, nkhunda zinkausayina.

"A Kalaliki, mbalame zanuzi zaphunzira kulemba ngati eni ake," anatero a Abdala tsiku lina. "Kholali ligwa."

M'chaka cha 1924 bwana wa kampaniyo, atatopa ndi madandaulo a m'malayini, anachita zimene mzungu amachita akatopa: analamula kuti pakhale komiti yokhazikika. Anauza a Fabiano kuti alembe malamulo ake, poti ndiwo ankadziwa taipi. Iwo anaona msanga kuti mlandu woyamba udzakhala wa khola lawo.

Analemba mosamala ngati akusenda dzira. Ndime yoyamba: mamembala asanu, kapitawo wamkulu pampando, kalaliki ngati mlembi, ndi atatu osankhidwa ndi antchito chaka chilichonse, anayi akapezeka, msonkhano uyambe. Yachiwiri: komiti imve madandaulo ndi kupereka maganizo, koma isachotse munthu m'nyumba kapena kugwetsa kanthu payokha. Yachitatu: ikumane kamodzi pamwezi, Lachisanu loyamba, masana. Yachinayi: zogwirizana zonse zipite kwa bwana mu lipoti lolembedwa ndi mlembi, ndipo zisachitike bwana asanasayine, kusintha malamulowa kudutsenso njira yomweyo.

A Abdala sankawerenga Chingerezi, koma anthu ankawawerenga bwino. Atawamasulira pepalalo anaseka.

"Lachisanu masana? Ine ndili ku mzikiti, inu muli pano kuweruza mkanjo wanga? Lembani Loweruka. Muonjezenso kuti nkhani ikakhudza membala, ameneyo atuluke panja mpaka ithe."

"Mwaganiza mwanzeru, a Kapitawo," anayankha a Fabiano modzichepetsa, nataipa ndime yachisanu pomwepo. Bwana anasayina akuyang'ana pa zenera.

Loweruka loyamba anakumana mu shedi yosankhira fodya. Nkhani ya khola itafika, a Fabiano anatseka buku, naika cholembera kukhutu, natuluka. Anayi otsalawo anakwana, ndipo atatu anati khola ligwe. Wachinayi, a Kingsford a ku mabelo a fodya, ankakonda msuzi wa maunda.

"Lowani, a Kalaliki," anaitana a Abdala. "Lembani kuti ligwe."

"Pepani, bambo. Ndilemba bwanji zimene sindinamve? Ndinali panja."

"Tikukuuzani ife!"

"Imeneyo ndi mphekesera. Bwana anati lipoti."

"Ndiye a Kingsford alembe."

"Ndime yachinayi ikuti mlembi. Ya mlembi wogwirizira mulibemo."

A Abdala anavula kofia, naiyang'ana m'kati ngati yankho lili momwemo. "Chabwino. Tisinthe ndimeyo, tiikemo wogwirizira."

"Mungathe ndithu," anavomera a Fabiano. "Koma nkhani ya udindo wa mlembi ikukhudza ine." Anatseka buku, naika cholembera kukhutu, natulukanso.

A Abdala anapita okha kwa bwana. Bwana anawafunsa ngati nkhaniyo yadutsa ku komiti. Anati inde. Bwana anafunsa lipoti. Atamva kuti kulibe, anawafotokozera mokoma mtima kuti komiti anaipangira zimenezi, kuti anthu asamabwere okhaokha pakhomo pake.

Kunena zoona, komitiyo inagwira ntchito. Inakonzetsa chitsime, inasunthitsa zimbudzi, ndipo malipoti a a Fabiano ankafika pa tebulo la bwana Lolemba lililonse lotsatira msonkhano, opanda cholakwika ngakhale chimodzi. Koma mwezi ndi mwezi nkhani yomaliza inali ya khola, ndipo mwezi ndi mwezi mlembi ankakapuma mphepo. M'buku munkangolembedwa kuti: "Apa mlembi anatuluka."

Patapita chaka a Abdala anasamutsira chingwe choyanikira kutsogolo kwa nyumba, koma nkhaniyo sanaichotse pa mndandanda. Ankati munthu asamagonje pa pepala. Pa Idi iliyonse a Fabiano ankawatumizira maunda awiri amoyo, kuti azinge okha monga mwa chipembedzo chawo, ndipo a Abdala ankalandira, nkunena kuti awiriwo achepetsako mlandu.

A Fabiano anapuma ntchito mu 1938, nasamukira kwawo ku Nguludi ndi nkhunda zawo m'madengu. Loweruka lotsatira kalaliki watsopano anakhala pansi msonkhano wonse, nalemba kuti khola ligwe. Bwana anasayina. A Abdala anakaligwetsa okha, lopanda kanthu, atavala mkanjo woyera.