Chidindo cha Mayi Pyo

Mayi Pyo anaphunzitsa Chingerezi mumzinda wa Mokpo zaka makumi awiri, ndipo ana ankawadziwa ndi lamulo limodzi: zimene wandandalika zivale mofanana, ndipo poyerekeza uyerekeze zinthu zamtundu umodzi.

Pasukulupo mayeso sankasindikizidwa mpaka mphunzitsi aliyense atadindapo chidindo chake. Tsiku lina pepala linawapeza lili kale ndi zidindo zofiira zisanu. Funso lina analemba ndi a Gwak, mkulu wa aphunzitsi, ndipo pa mayankho oti ana asankhepo, limene iwo anati ndi lolondola linali lakuti, "Nyengo ya ku Mokpo ndi yofunda kuposa Seoul."

Mayi Pyo anabweza chidindo m'kabokosi.

"Bwana, nyengo mukuiyerekeza ndi mzinda? Lolondola ndi lachitatuli, lakuti kuposa ya ku Seoul."

"Zikumveka chimodzimodzi," anatero a Gwak atachita tsinya. "Anzanu onse adinda. Inu ndinu ndani?"

"Adindira imvi zanuzo, funsoli sanaliwerenge. Mwana amene wamvetsa alephere chifukwa inu munabadwa kale? Ine toto."

Pepalalo linakhala padesiki masiku atatu. Kenako a Gwak anakonza yankho mwakachetechete, ndipo chaka chonse sanawapatsenso moni. Mayi Pyo anadinda, n'kuuza anzawo kuti moni sabwera pamayeso.