Chotsani Mpandawu

Ntchito yanga inali yochotsa zinthu pa zithunzi. Ndinkagwira mu situdiyo ina ku Old Town, pamwamba pa sitolo ya nsalu kufupi ndi msika. Anthu ankakwera masitepe athu akuwefuka, n'kundipempha kuti ndichotse waya wamagetsi wodutsa pamutu pa mkwati, botolo la mowa m'manja mwa mkulu wa mpingo, kapena chibwenzi chimene chinatha moipa. Ine sindinkafunsa mafunso. Ukayamba kufunsa munthu chimene mlamu wake analakwa, dzuwa likulowera uli pomwepo ntchito osagwira.

Chaka chimene madola anasowa, abwana analeka kulipirira pulogalamu ya pakompyuta yokwera mtengo imene tinkagwiritsa ntchito, ndipo m'mawa wina inangokana kutseguka. Ndinapsa mtima zedi. Ijatu unkangozunguliza chinthu n'kudina, basi chapita. M'malo mwake tinaika GIMP, yaulere, ndipo ndinachita kuphunzira ngati mwana wa sitandade wani zida ziwiri zimene zinadzakhala khasu langa. China chimatchedwa Clone, chizindikiro chake ndi chidindo. Umagwira batani la Ctrl n'kudina pamalo abwino, tinene udzu, kenako n'kumapaka udzu womwewo pamwamba pa chinthu chosafunikacho. Chinacho ndi Heal, chizindikiro chake mapulasitala awiri opingasa. Nachonso umayamba wasankha potenga, koma icho chimasakaniza zimene watengazo ndi kuwala ndiponso mtundu wa pamalo pamene ukupakapo, kuti msoko usaoneke. Chidindo n'chokwirira, pulasitala n'chosalaza. Pofika nthawi ya nkhani iyi ndinali nditazizolowera, mwinanso ndinkadzimva nazo pang'ono.

Tsiku lina masana kunabwera mayi wina wamng'ono thupi, atavala diresi ya yunifolomu ya m'nyumba, chitenje pamwamba. Anaima pakhomo mpaka ndinachita kumuuza kuti alowe. Anati amagwira ntchito ku Area 12 ndipo amutuma kumsika, ndiye sachedwa. Anatulutsa foni yong'aluka galasi n'kundionetsa chithunzi cha phwando la tsiku lobadwa la mwana. Panali tebulo pa kapinga, keke, mabaluni, ana ovala bwino, ndipo kumbuyo kwawo mpanda wa maluwa ofiira.

"Akuti inu mumatha kuchotsa zinthu," anatero. "Ndimati mundichotsereko mpandawu."

"Wonsewu? Nanga ndiikepo chiyani, mayi?"

"Musaikepo kanthu. Mungochotsa basi. Kuseri kwakeko kuli ine ndi mwana wanga."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Anthu ambiri amaganiza kuti chithunzi chili ngati chipinda, kuti ukasuntha kabati uona khoma. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufotokozere, koma iye anapitiriza, maso ali pa foni.

"Tsiku limeneli ndidaima apa, pampopi, ndikutsuka matambula, iye ali kumbuyo. Ndikukumbuka bwinobwino, abwana aamuna akujambula ndidayang'ana. Mwanayo adatisiya nthawi ya mvula yapitayi. Ndilibe chithunzi chake china, foni ndinali ndisadagule. Ndidapempha amadamu, n'kunditumizira chimenechi. Akuti kapena kamera siidatigwire. Koma agadenibhoyi akuti mwina maluwawa ndi amene atitchinga."

Ndinatenga foni ija n'kukuza chithunzicho ndi zala. Pamene mayiyo ankaloza panali masamba okhaokha. Kenako ndinaona duwa limodzi lofiira, lothyoka mbali imodzi, ndipo chapafupi pomwepo duwa lomwelo, lothyoka mbali yomweyo. Mulungu sapanga maluwa motero, koma chidindo chimapanga, ukatenga pamalo amodzi kawiri. Ntchito imeneyi inali ya manja anga.

Ndinakumbuka zonse nthawi yomweyo. Miyezi ingapo m'mbuyomo kunabwera mayi wina wonunkhira bwino, makiyi a galimoto m'manja, akudandaula za malo oimika galimoto ku Old Town. Ankafuna chithunzi chachikulu cha pabalaza. Analoza ndi chikhadabo pa kompyuta yanga n'kunena kuti, "Mundichotsere zakumbuyozi, zikuononga. Payipi iyi, ndowa, ndi antchitowa." Anazitchula motsatana chomwecho, payipi, ndowa, antchito, ndipo ine ndinangoti chabwino. Payipi ndinaichotsa ndi pulasitala, popeza inali yopyapyala pa kapinga. Munthuyo anali wamkulu, pulasitala ikanangosiya chimthunzi chodetsedwa, ndiye ndinamukwirira ndi chidindo, tsamba ndi tsamba, kenako n'kusalaza m'mphepete. Mayi wa galimotoyo anasangalala mpaka anandiyamikira kuti ndili ndi dzanja.

"Khalani pansi, mayi," ndinatero.

Pa chithunzi cha mu foni mwakemo panalibe chimene ndikanachita. Chithunzi chikatuluka ngati JPG, zonse zimakhala zaphatikizana, zimene unakwirira zapita. Ukachotsa maluwa supeza munthu, upeza pabowo. Chiyembekezo chinali chimodzi chokha. Mu GIMP ndinkayamba ndapanga kope la chithunzi pamwamba pa chenichenicho, ngati mapepala awiri osanjikiza, n'kumapaka pa lapamwambalo. Fayilo ya ntchito, ya XCF, imasunga mapepala onse awiri. Vuto linali loti kompyuta yathu inkadzadza msanga, ndipo abwana anali ndi chizolowezi chofufuta mafayilo akale osafunsa munthu.

Ndinayamba kufufuza. Mafoda anga anali ngati kaunjika, maukwati, zinkhoswe ndi maliro zonse pamodzi. Mayi uja anakhala m'mphepete mwa mpando, jumbo ya tomato pamiyendo, n'kumandiuza za amadamu ake.

"Ndi anthu abwino, musaone choncho. Pamaliro adapereka galimoto yotengera bokosi mpaka kumudzi. Adabweranso okha kudzapepesa."

"Anamwalira liti kwenikweni mwanayo?"

"Chimanga chikumasula."

Ndinali nditaipeza fayilo ija, ndipo pambali pake panali mwezi umene ndinaisunga. Unali mwezi wokolola. Ndinayang'ana kawiri poganiza kuti maso akundinamiza. Ndiye kuti mayi wa galimoto uja, amadamu akewo, ankakwera masitepe athu mwanayo ali kale m'manda, iye atapita yekha kumaliro, ataona kabokosi kaja ndi maso ake. Mpaka lero sindidziwa ngati anaiwala kuti pamsana pa wantchitoyo panali mwana, kapena anakumbuka bwinobwino n'kuona kuti pabalaza pake sipoyenera maliro. Ndimati ndikaganiza zoyambazo mtima umawawa, ndikaganiza zachiwirizo ndimanyansidwa.

Ndinatsegula fayilo. Chithunzi chinabwera monga chinalili mu foni, keke, ana, maluwa. Kumbali, pamene pamaoneka mapepala osanjikiza aja, lililonse limakhala ndi kachizindikiro ka diso. Ndinadina diso la pepala lapamwamba. Maluwa aja anazimiririka, payipi inabwerera pa kapinga, ndowa inabwerera, ndipo pampopi panaima mayi wamng'ono thupi, tambula m'manja, mwana kumbuyo.

Jumbo inagwa, tomato n'kumwazika pansi pa tebulo. Sanalire mokuwa ayi. Anangogwira pakamwa ndi manja awiri n'kumati, "Mayo ine, mayo ine," motsitsa, ngati akuopa kudzutsa munthu. Kenako anafunsa osandiyang'ana.

"Ndiye kuti tidalipo? Adatiphimba ndani?"

"Ndine, mayi. Ntchito imeneyi anabwera nayo kuno."

Sanafunse kuti anabwera nayo ndani. Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono pamene yankho linkamufika lokha, ndipo ndinalakalaka akanandilalatira. Iye anangonena kuti, "Takuzani pamwanapo."

Ndinakuza. Mwanayo anali atatsamiritsa nkhope paphewa la mayi ake. Zimene zinkaoneka ndi chipewa cha ulusi chachikasu, mphumi, khutu, diso limodzi loyang'ana ku mabaluni, ndi theka la mphuno. Zina zonse zinali kuseri kwa phewa. Nditakuza mopitirira, nkhope inayamba kusweka kukhala timabokosi, ndiye ndinabwerera pang'ono.

Mayi uja anayandikira mpaka mpweya wake unachita nthunzi pagalasi. Kenako anatembenukira kwa ine, maso ali gwa, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula ngati munthu wolamula.

"Mwachotsa maluwa aja, chabwino. Tsopano chotsani ineyo. Phewa langali ndi limene likumutchinga. Ine sindikufunika, ndimadziona pagalasi tsiku lililonse."

Ndakhala ndikuuzidwa zochotsa anthu ambiri, koma panalibe amene anandipemphapo kuti ndichotse iye mwini. Ndinayesa kufotokoza mofatsa. Ndinati maluwa aja achoka chifukwa ndinachita kuwaika ine pamwamba, koma phewali linalipo kamera ikujambula, ndipo zimene kamera sinaone palibe pamene zinasungidwa. Zida zangazi sizivundukula kanthu, zimangotenga zapena n'kuziika pena. Ndikapaka paphewapo pabwera masamba, kapena nsalu, kapena tsaya la mmodzi wa ana akudya kekewa.

"Tsaya la mwana wa eni ake ayi," anatero msanga.

Chifukwa chofunitsitsa kumupatsa kanthu, ndinanena nzeru ina. Ndinati ndikhoza kukopa mbali ikuonekayi, kuitembenuza, kuiika paphewapo n'kusalaza msoko ndi pulasitala, nkhope n'kuoneka yathunthu. Ndinali nditachitapo zotere pa zithunzi zong'ambika za agogo a anthu, eni ake osadandaula.

Anapukusa mutu.

"Sakhala iyeyo. Mbali inayo adali ndi kadontho kakuda kobadwa nako, apa, pansi pa diso." Analoza patsaya lake. "Ndi kamene ndimafuna ndikaonenso. Kayamba kundisokonekera m'mutu, kaya kadali kakakulu bwanji."

Ndinadula chithunzicho kuti patsale iye ndi mwana basi. Pakona panatsalira baluni ndi chigongono cha amadamu, ndipo zimenezo ndinazikwirira ndi masamba mosanyengerera, mano ali gwa. Pa mwanayo sindinakhudzepo ngakhale pang'ono. Ndinasindikiza chaching'ono, kuti timabokosi tija tisaoneke, n'kumutumiziranso china mu foni.

Anatola tomato wake mmodzimmodzi, akunena kuti achedwa, amadamu ali ndi alendo madzulo. Pofika pakhomo anaima pamene pamalowa dzuwa, natulutsanso chithunzi chija mu envulopu. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinamuona akuchipendeketsa pang'onopang'ono, mutu nawonso akuupendeketsa, kuti asuzumire kuseri kwa phewa lake.