Nsalu ya ukwati ndi kabotolo ka alamu

Nsaluyo inafika Lachiwiri m'thumba la shuga, mwana wanga ali ndi miyezi isanu. Mng'ono wa amuna anga amakwatira, ndipo kumudzi kuno ukwati ukakhala wa kumpingo akazi onse a kuchimuna amavala nsalu imodzi, kusoka kumodzi, kuti anthu akangoona adziwe kuti awa ndi eni mkwati. Palibe amene amasiyana ndi anzake. Ine ndili ku chitengwa, kwathu ndi ku Kabudula, amuna anga amalondera m'tauni ndipo amabwera mwezi ukatha, ndiye pa nkhani ngati izi ndimangogwada n'kulandira.

Anakasankha ndi alamu anga, achemwali awo a amuna anga. Iwo ndi oyererapo. Nsaluyo inali ya pepo wofewa, wotuwirako, ngati mwathira phulusa mu mkaka. Anaiyala pamkeka, aliyense n'kumaiyika paphewa, kuseka, kuombera m'manja. Itafika kwa ine, alamu anandiyang'anitsitsa.

“Iii, alamu,” anatero, “mwasanduka mtembo bwanji?”

Anaseka onse, inenso ndinaseka, chifukwa ukapanda kuseka amati uli ndi mwano. Apongozi anga anali pampando akusenda mtedza, sanaseke, anangondiyang'ana pang'ono n'kubwerera ku mtedza wawo.

M'mawa mwake alamu analowa m'nyumba mwanga osaodira, anaika kabotolo pawindo. Mafuta oyeretsa khungu. Anati nkhope, khosi ndi pachifuwa, kawiri pa tsiku, masabata anayi akwana. “Mudzaima kutsogolo inu, ndinu mkazi wa mkulu wake wa mkwati. Zithunzi zimakhala mpaka kale. Musatichititse manyazi, eti?”

Ndinati zikomo. Atatuluka ndinatsegula, fungo lake ngati la mankhwala a fodya osakaniza ndi pefyumu, ndinatseka msanga. Kusikelo anamwino anatiuzapo kuti ena mwa mafuta amenewa ali ndi zinthu zolowa m'thupi, woyamwitsa asayerekeze. Ndipo mwana wangayu amayamwa atagwira khosi langa, akamaliza amapukutira kamwa pachifuwa panga, amanyambita chilichonse, ngakhale chibwano changa. Paliponse pomwe alamu anatchula ndi pomwe mwana amaika pakamwa.

Koma ndikanakana bwanji? Nyumba ya alamu yayang'anizana ndi yanga. Ndikamapita kumjigo amandiona, ndikamayanika matewera amandiona. Tsiku lachitatu anabwera, anatsegula kabotolo, anaona kuti n'kodzaza. Sanakalipe. Anangoti, “Kapena ndiwaimbire achimwene, ndiwauze kuti akazi awo safuna za ukwati wa kwathu?” Ndinati ndinaiwala, ndiyamba mawa. Ndinayambadi kudzifunsa kuti mwina pankhope pokha, mwina pang'ono pokha, mwina ndikamasamba ndisanayamwitse. Ndinafika potenga pang'ono pachala, mwana analira, ndinapukutira pakhoma.

Loweruka ndinakayezetsa kwa telala ku Nsaru. Anzanga anapita Lachisanu, ine ndinatsala chifukwa mwana anali ndi chimfine, ndiye ndinapita ndekha, mwana kumbuyo. Telalayo ndi mayi wachikulire, amasokera pakhonde la sitolo, ndi wakuda kuposa ine, wovala magalasi omanga ndi ulusi. Akundiyeza m'chiuno ndinangoyamba kulira, sindikudziwa kuti zinachokera kuti. Ndinawauza zonse mothamanga, za mtembo, za kabotolo, za mwana.

“Anakuyesa nsaluyi pati?” anafunsa.

Ndinati pabwalo, masana.

“Nanga iwowo anaisankhira pa nkhope ya ndani?”

Ndinati mwina pa yawo.

“Ndiye ukulira chiyani? Khala apa. Pukuta mafuta odzolawo.”

Anandikhazika pakhonde, pamthunzi koma powala, anati dzuwa la phwee limanama ndipo m'kati mwa sitolo mumanamanso. Anandivula duku langa la maluwa, n'kundimanga kansalu koyera kumutu kuti mtundu wina usasokoneze. Anakoka thumba la zidutswa zotsala posoka, anandipatsa galasi long'aluka pakona.

“Usayang'ane nsalu,” anatero. “Aliyense amayang'ana nsalu. Iwe yang'ana nkhope. Yang'ana kunsi kwa maso, m'mbali mwa kamwa, ndi kuyera kwa maso ako.”

Anayamba ndi ya ukwati ija, pansi pa chibwano. Ndinaona zomwe alamu anaona. Masaya mbuu, kunsi kwa maso kwada, milomo ngati ya munthu wodwala malungo. Anaichotsa msanga n'kuikapo chidutswa chobiriwira kwambiri, ngati tsamba la mango lokhwima. Ndinayang'ana kumbuyo, ndimayesa wina wayatsa nyali. Nkhope yomweyo, kusagona komweko, koma khungu linasalala, maso anayera, m'masaya munaoneka kufiirira komwe sindinkadziwa kuti ndili nako.

“Waona? Tibwerezenso.” Pepo wotuwa, mbuu. Wobiriwira, ndabwerera. Anati ziwiriziwiri choncho, mosinthanitsa msanga, chifukwa diso limaiwala.

Anayesa maluni, wofiira moderako uja, anayesa buluu wakuya, anayesa chikasu chokhwima ngati cha dzungu. Zonse zinandikhala, koma buluu sanafike pa wobiriwira ndi maluni. Ndinati ndiye kuti ife akuda mitundu yofewa si yathu.

“Ndani wanena? Taona iyi.”

Anaika kachidutswa kofewa, kotumbuluka ngati m'kati mwa papaya wongoyamba kupsa. Sindinatuwe. Ndinaoneka wakuda kwambiri, inde, koma wakuda wowala, ngati wosamba kumene. Anaika chikasu chofewa, chimodzimodzi. Kenako pinki wotuwirako, ndinafanso.

Anandifotokozera akusanja zidutswazo pamwendo. Anati kuda si kumodzi. Pansi pa kuda kwa munthu pamakhala mtundu wina, ena kufiira ngati katondo, ena chikasu, ena ngati buluu. Anaika mkono wawo pambali pa khosi langa, wawo unkapita ku buluu, langa ku katondo. Anadziika pepo uja pansi pa chibwano chawo ndipo iwo sanatuwe ngati ine, anangooneka bwinobwino. Anati mitundu yolimba kawirikawiri imamukhala munthu wakuda chifukwa mphamvu zake zimalingana ndi za khungu, koma yofewa nayo imatheka ikakhala yoyera bwino, yopanda phulusa m'kati, ndipo ikagwirizana ndi chomwe chili pansi pa khungu lako. “Yakoyi ili ndi zonse ziwiri zokudana nawe, phulusa ndi kuzizira. Ngakhale utayera ndi mafutawo, katondo wakoyo sachoka. Ungotupa tiziphuphu, nsalu n'kukhala yomweyo.”

Ndinawapempha kuti andiikire kolala ya mtundu wina. Anapukusa mutu. Anati anauzidwa kusoka madiresi asanu ndi atatu ofanana, akasintha imodzi banja lonse lisiya kubwera kwa iwo, ndipo ine ndi amene ndingavutike kumudzi. Duku nalonso ndi la nsalu yomweyo. Ndinamva ngati khonde likuchepa. Ndinanyamula mwana kuti ndizipita, ndinamuponya kumbuyo, ndikumanga chitenje pachifuwa, iwo anandigwira dzanja.

“Ima kaye. Pa ukwatipo mwanayu adzakhala ndi ndani?”

Ndinati ndi ine, amakana anthu.

“Nanga chitenje choberekera anakusankhiranso?”

Ayi. Choberekera palibe amene amasankhira munthu. Anandionetsa kamangidwe, osati kodutsa m'khwapa monse muwiri, koma kokwera paphewa limodzi n'kudutsa pachifuwa, mfundo pafupi ndi khosi. Anati chomwe chili pafupi ndi nkhope ndicho chimalamula, zam'munsi zilibe mawu. Ndinali nacho chitenje chobiriwira kwambiri chomwe mayi anga anandipatsa ndikutuluka m'chikuta, chinali m'sutikesi, ndinkachisunga.

Koma kabotolo kanali pawindo pomwe ndinakasiya, ndipo alamu ankabwerabe kudzakatsegula. Ndiye ndinayamba kuchita chinthu chomwe mpaka lero sindinauzepo munthu. M'mawa uliwonse ndinkatapa pang'ono ndi kamtengo, n'kukulunga m'tsamba, n'kukataya m'chimbudzi. Madzulo chimodzimodzi. Ndinkasamba m'manja kawiri ndisanagwire mwana. Ndinkasamala kuti asathe msanga kapena mochedwa. Alamu akabwera ankayang'ana m'botolo, kenako ankandigwira chibwano n'kunditembenuzira kudzuwa.

“Khungu lanu ndi louma mutu ngati eni ake,” ankatero. “Mukupaka ndithu?”

“Ndikupaka, alamu.”

Tsiku lina apongozi anandipeza ndikutuluka m'chimbudzi ndi kamtengo m'manja. Anayang'ana kamtengoko, anandiyang'ana ine. Ndinagwada pomwepo. Anangofunsa kuti, “Mwana wagona?” Ndinati wagona, amayi. Anapitirira. Masiku atatu sindinadye bwino, ndikudikira kuitanidwa, koma sindinaitanidwe.

Pa tsiku la ukwati ndinavala diresi la pepo ngati wina aliyense, duku ndinalikankhira kumbuyo pang'ono, ndinabereka mwana ndi chobiriwira chija, mfundo pansi pa chibwano. Kutchalitchi sindinamutsitse. Kumadyerero sindinamutsitse, kupatula poyamwitsa, ndipo apo ndinkakhala kuseri kwa galimoto. Kunatentha, phewa linachita dzanzi, thukuta la mwana ndi langa linanyowetsa msana wonse. Azakhali ena anati bweretsani timunyamuleko muvine bwino, ndinati akana, alira. Ndinavina pelekanipelekani ndi mwana kumbuyo, maso anga ali pa alamu, kuona ngati akuona.

Anaona. Nthawi ya zithunzi anabwera molunjika kwa ine, ndinagwira mfundo ija ndi manja onse awiri, ndimati andiuza kuti ndimasule. Anandigwira chibwano monga mwa masiku onse, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitana anzawo.

“Tabwerani mudzaone! Si uja tinkamuti mtembo uyu? Mwaona mafuta aja? Masabata anayi okha!”

Anthu anandizungulira, wina anati ndawaladi, wina anafunsa dzina la mafutawo. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti zikomo. Apongozi anali pambali, anakonza mfundo ya chitenje changa kuti ikwere pang'ono.

Mwana wanga sanalawe mafuta aja ngakhale kadontho, ndipo ndi chokhacho chomwe ndimadziuza. Lolemba lotsatira alamu analowanso osaodira, akumwetulira, anaika pawindo botolo lina, lalikulu kuposa loyamba. Anati tisasiye pomwe zayamba kuyenda. Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri. Atatuluka ndinapita kuseri kwa nyumba kukathyola kamtengo kena.