Dzina Langa Linasowa pa Thabwa

Amene anandilakwira ndi akatekisi a kwathu ku Malowera. Titabwerera kuchokera ku Zambia komwe tinathawira, nkhondo itatha, iwo ndiwo ankatiphunzitsa m'katchalitchi kopanda denga, kutikonzekeretsa mayeso a chipembedzo ndi ufulu wa anthu. Wopambana ankapita kukaphunzira kumishoni. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye mwayi wanga unali womwewo.

Tsiku lina anatiwerengera kuti Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi m'chifanizo chake, ndiponso kuti chikhulupiriro sakakamiza munthu. Zinandikoma, koma ndinafuna kumvetsa. Amayi anabwerako ku Zambia ali a Zioni, ndipo akumpingo anasiya kuwapatsa moni.

"Nanga amayi anga aja, ufuluwo ukuwakhudza?" ndinafunsa.

"Iwe, funso limenelo silibwera pa mayeso," anayankha.

Ndinafunsanso mawa lake, mokweza mawu. Lamulungu lotsatira, pa thabwa la olemba mayeso dzina langa panalibe. Ankati ndine wamwano.

Akatekisiwo ndinawapeza akusenza njerwa za tchalitchi. Ndinavula chipewa.

"Aphunzitsi, yankho munandiphunzitsa ndinu. Ine ndimangofuna kudziwa ngati limagwira ntchito kunyumba kwathu."