Theka la supuni ya yisiti

Mabanzi ndinayamba kuphika ndili pabanja ku Chawama, pa pulote ya apongozi anga. Uvuni wamagetsi anandigulira ndi amuna anga. Malaiti atayamba kuvuta, ankabwera mbandakucha n'kuthimanso dzuwa lisanatenthe, moti kukanda fulawa m'mawa kunali kutaya nthawi. Ndinayamba kukanda madzulo, mtandawo n'kugona m'beseni pasimenti ya m'khichini, nditauvindikira ndi pulasitiki.

Zinanditengera mabeseni angapo otayika kuti ndidziwe muyeso wake. Ndikakanda masana ndinkathira masupuni awiri a yisiti kuti mtanda ufufume msanga. Wogona usiku wonse m'nyengo yozizira unkangofuna theka la supuni, ndi madzi ozizira. Kuzizira kumachedwetsa yisiti, komatu usiku ndi wautali, ndipo iye sasiya kudya. Akachuluka, mtanda umakwera msanga, n'kutopa, n'kugwa kusanache. Wa yisiti wochepa unkadzuka wosalala, ukaudina ndi chala n'kubwerera pang'onopang'ono. Amayi a m'tuntemba, timagolosale ta kumsewu, ankati mabanzi anga sauma msanga.

Amuna anga anamwalira mu Juni. Titaika maliro, apongozi aakazi anandikhazika pansi.

"Simugwira vakudya va anthu mpaka tikakusambikeni kumudzi," anatero. "Mukali na mufu pathupi, muzimu wa amuna anu."

Sindinatsutse. Ntchito ya mabanzi anaipereka kwa mwana wawo wamkazi, mlamu wanga, amene anali atabwerera pakhomo ukwati utatha. Sanali wachilendo kukhichini. Vitumbuwa vake vinali vabwino, koma anazolowera kukanda n'kukazinga tsiku lomwelo.

Madzulo oyamba ndinaima pakhomo la khichini, manja ndili nawo m'chitenje.

"Ba mulamu, yisiti ikani chabe hafu supuni. Izagona mpaka kuseni."

"Na mphepo iyi? Siingafufume. Kukazizira timaonjezera."

"Ni zoona ngati muphika lelo. Manje iyi ili na usiku wonse."

"Mufuna niphike myala kuti anthu akambe ati ni imwe mweka muziwa?"

Anathira masupuni awiri aja, n'kuwonjezera ina pamwamba, madzi ake ofunda. Ndinabwerera kuchipinda.

M'mawa khichini yonse inkanunkha ngati chibuku. Mtanda unali utasefukira pasimenti, pakati utabonyoka, ukumata m'manja ngati ulimbo. Mlamu anauumba choncho. Mabanzi anatuluka aphwatalala, otuwa, owawasa. Amayi a m'tuntemba anawabweza.

Ndinkaganiza kuti tsopano andifunsa. M'malo mwake ndinamva mlamu akuuza amayi ake kuseri kwa nyumba kuti, "Anaimilira pa chitseko pamene n'nali kukanda. Anayangana mu dishi."

Tsiku lotsatira ananditsekera kunja kwa khichini. Mlamu anaona ngati mtanda unagwa chifukwa chochepa mphamvu, ndiye anawonjezeranso yisiti. Unagwa kuposa dzulo lake. Apongozi anaitana abusa a tchalitchi cha mlamu, bambo wa suti yonyezimira, amene anadzoza mafuta pa thumba la fulawa ndi pa chitseko cha uvuni. Kenako anandigwira pamutu n'kumakuwa kuti mzimu wa imfa utuluke. Anthu a malendi pa pulotepo anatuluka kudzaonerera. Amuna anga anali asanathe mwezi m'manda.

Atatha ndinati, "Abusa, ni yisiti chabe yachuluka."

"Mwamvela?" anatero iwo, akuyang'ana apongozi. "Muzimu ukali kukamba."

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi apongozi aamuna. Anagwirapo ntchito mu bekari ali mnyamata, ndipo ndi iwo amene poyamba penipeni anandiuza kuti ndichepetse yisiti. Tsiku limenelo anakhala pampando wawo panja, akusenda nzimbe. Nditawayang'ana anaweramitsa mutu. Madzulo anandipeza pampopi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, va azimayi siningalowemo." Anali asanamalize n'komwe kulankhula pamene anayamba kuchoka.

Kumudzi kuja sanandipititse. Anati ndiyambe ndakapuma kwa abale anga mpaka zinthu zitakhala bwino. Mkulu wanga anabwera kuchokera ku Mtendere kudzanditenga ndi mwana wanga wamkazi. Nditagwira uvuni, apongozi aakazi anati ndi katundu wa malemu mwana wawo. Ndinatuluka ndi zovala ndi beseni limodzi.

Ndinamva kuti mlamu anayesanso kangapo, kenako anabwerera ku vitumbuwa, uvuni n'kuugulitsa kwa munthu wa ku Kanyama. Ku Chawama amanenabe kuti mkamwini wawo anachoka ndi mwayi wa pakhomo.

Ine ku Mtendere ndimaphikira m'chigubu chachitsulo chodulidwa, malasha pansi ndi pamwamba. Mwana wanga akamapita kukaona agogo ake, amandipempha mabanzi oti awatengere. Ndimamupatsa sopo kapena shuga.