Malikisi Khumi a Rahila

Mukafika pamsika wa Nkhotakota n'kufunsa mpunga wosasakaniza, akulozerani kwa Rahila, make Ikram. Koma musapiteko muli pachangu. Mayiyu mpunga amayeza ndi mbale, nkhani amayeza ndi lichero, ndipo basela wake ndi mbiri ya munthu amene wangogula inu musanafike. Sukulu analekeza Sitandade 6, akuti chifukwa cha maso, chikhalirecho maso omwewo amaona ndolo zatsopano za mkazi wa mwini ali kutsidya kwa msewu.

Mwamuna wake Abdulwahab anali mphunzitsi wa kupulayimale, munthu wofatsa woti nkhuku ikalowa m'nyumba amaipempha kuti ituluke. Zipani zitangochuluka m'dziko muno, anamutenga ku yunivesite kummwera uko, pamwayi wa anthu akuluakulu amene ali kale pantchito. Rahila ananyada mpaka mpunga unakwera mtengo. Chimene chinamudula chimwemwe n'chakuti nthawi yomweyo lamulo la zovala linali litatha, ndipo kunkamveka kuti atsikana akumeneko ayamba kuvala mathalauza.

Chaka choyamba masamu anamugwetsa Abdulwahab, anachita kupulumukira mayeso obwereza. Anamuchenjeza kuti akalakwanso, anyamule katundu azipita. Ndiye chaka chachiwiri, atabwera kudzatenga mpunga sukulu itangotsegulidwa, anamusiyira mkazi wake pepala la masamu limene aphunzitsi amagawa poyamba phunziro. Iwo amalitcha kosi autilaini.

"Make Ikram, taonani," anatero. "Malikisi onse ndi 100. Mayeso aang'ono alipo awiri, alionse malikisi 10. Ntchito yolemba pawekha n'kukapereka ndi 20. Mayeso omaliza ndi 60. Kuti munthu akhoze, zonse akaphatikiza zikwane 50. Masiku ake ndi awa alembedwa m'mbalimu. Mukafuna kundiitana, muziyamba mwayang'ana apa."

Rahila anamata pepalalo kuseri kwa chitseko, ndipo mlendo aliyense ankalionetsedwa asanapatsidwe madzi.

Tsoka ilo, sadaka ya malemu amalume ake a Abdulwahab inagwera tsiku la mayeso aang'ono oyamba. M'munsi mwa pepala munalembedwa kuti wojomba mayeso amulembetsa ena pokhapokha atabweretsa kalata ya kuchipatala kapena ya maliro a m'banja mwake. Sadaka simaliro. Koma amalumewo ndi amene anamulera, ndiye mwamuna anakwera basi, anadya mpunga wa sadaka, n'kunena pamaso pa mkazi wake kuti, "Aa, ndi 10 chabe."

Mawu amenewo Rahila anawamanga pansonga ya chitenje.

Sipanapite nthawi, kondakitala wina wa basi, Layson, anaima pabenchi lake n'kunena moseka kuti aphunzitsi, amuna akewo, anawaona m'tauni kumeneko atanyamulira mabuku mtsikana wa thalauza. Rahila, amene panthawiyo anali woyembekezera, mpunga anauyeza mopitiriza tsiku lonse. Atafika kunyumba anatseka chitseko n'kuyang'ana pepala, kufuna tsiku lomuyesera mwamuna wake. Masabata opanda kanthu analipo, koma mwamuna wobwera sabata yopanda kanthu wasonyeza chiyani? Ntchito ya 20 anaiopa, poti mayiyu chifundo ali nacho. Chala chinaima pa mayeso aang'ono achiwiri. Anapita kupositi ofesi, anaimba foni kukoleji n'kusiya uthenga wakuti Ikram wadwala kwambiri.

Abdulwahab anafika maso ali gwa, osasamba, n'kupeza wodwalayo ali pamwamba pa mtengo wa mango.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anamatula pepala kuchitseko, anakhala pamkeka n'kumuitana mkazi wake.

"Mayeso oyamba ndinapeza zingati?"

"Simunalembe."

"Achiwiri akulembedwa lero. Kalata ya kuchipatala ya mwana uyu mundipatsa?"

"Tikhoza kunena kuti anatentha thupi usiku."

"Akutenthera mumtengo? Pa ntchito ya 20 ija ndinapeza 14. Ndiye pa malikisi 40 a m'kati mwa chaka, ine ndili ndi 14 basi. Kuti ndifike 50 patsala zingati?"

Rahila kuchotsera amakudziwa, ndi ntchito yake. "36," anayankha motsitsa mawu.

"36 pa 60. Pamasamu. Ine."

"Nanga si munati ndi 10 chabe, bambo a Ikram?"

"Ndinati 10. Sindinati 10 kawiri."

"Nanga wa thalauzayo?"

"Ameneyo ndiye amandiphunzitsa masamu madzulo. Ali ndi mwamuna wake, msilikali."

Rahila ananyamuka kukasonkha moto. Anamuphikira chambo, m'mawa anamuperekeza kudepoti, ndipo pepala analimatanso payekha.

Tsopano imvani za Mulungu. Mayeso a 60 atatsala masiku ochepa, Rahila anachira kuchipatala cha paboma, mwana wamkazi. Apongozi ake, mayi Safiya, anamanga mpango kuti akaimbe foni.

"Amayi, khalani pansi," anatero Rahila ali chigonere. "Akamva abwera. Munthu ameneyu ndamuyesa kale, amabwera."

"Mwana wabadwa bambo ake osamva? Nanga dzina apereka ndani tsiku lometa?"

"Tsitsi timeta. Dzina lidikira."

"Astaghafirullah! Ndiye tizimuitana chiyani?"

"Muzingoti iwe. Sayankha ndi kale."

Chovuta sichinali apongozi. Chovuta chinali Nkhotakota. Tauni ino nkhani simagona, imakwera basi ya m'mawa. Ndipo amene anafunika kutseka pakamwa pa anthu onse anali mayi amene pake sipanatsekedwepo. Anatuma mawu kwa wapafoni kupositi ofesi. Anatuma mawu kwa azimayi a pamsika. Layson anachita kumuitanitsa kunyumba.

"Iwe Layson, ukakamuona mwamuna wanga, ukamuuze kuti kuno kuli bwino, mimba ikadalipo. Ukakawonjezera kanthu, ine ndikafotokozera mkazi wako chimene basi yako imachedwera pa Salima."

Layson analumbira mpaka kuvula chipewa. Apa m'pamene anthu anazindikira kuti zimene Rahila amanena pamsika ndi zapamwamba chabe, zenizeni amasunga. Aliyense anali ndi kake kosafuna kuti kaululike, ndipo tauni yonse inakhala chete ngati mumzikiti. Mwiniwake ndiye anavutika koposa. Akuti ankalankhula ndi khanda lopanda dzinalo, kuliuza nkhani za anthu, kuti mwina m'mimba mungatupe.

Abdulwahab analemba mayeso osadziwa kanthu. Atafika kunyumba anaima pakhomo, chikwama chili m'manja, akuona matewera pachingwe. Anakwiya kwenikweni, mkwiyo wake woyamba umene anthu akuukumbukira, ndipo unatha atangomulandira mwana m'manja. Anamutcha Fauzia.

Zotsatira zinachedwa monga mwa masiku onse. Rahila anawonda kuposa wolemba mayeso. Kalata itafika, mwamuna anaitsegulira pabenchi la mpunga, azimayi atasiya malonda. Masamu: 51. Ndiye kuti pamayeso omaliza anapeza 37.

Nthungululu zitatha, Rahila anatenga kalatayo, anaiyang'ana ndi maso ake odwala aja.

"50 ndi yanu, bambo a Ikram. Imodzi yapamwambayi ndi yanga."

"Nanga 10 ija inatayika, ndi ya ndani?"

"Mayi inu," anatero Rahila akutembenukira kwa wogula, "mwati mbale zingati?"